Mvula ya m'beseni: momwe ndimaphunzitsira ana ulendo wa madzi

Phunziro ili ine sindiliyamba ndi buku ayi, ndimaliyamba ndi zovala. Ndimafunsa ana kuti, dzulo amayi anu anachapa, anayanika pachingwe zovala zikuchucha madzi, pofika madzulo zauma gwa, nanga madzi aja apita kuti? Mayankho ake chaka ndi chaka amakhala omwewo. Ena amati agwera pansi, ndipo sakunama chifukwa ena amadonthadi. Ena amati dzuwa lamwa. Ndiye pamakhala mmodzi amene anasuzumira kaderno ya mkulu wake, amaimika dzanja n'kunena monyada kuti evaporasau, koma ukamufunsa kuti evaporasauyo ndi chiyani amangoyang'ana kudenga. Apa ndi pamene pali vuto lathu kuno ku Angoniya, ndipo ndikhulupirira ku Tsangano, ku Makanga ndi ku Moatize n'chimodzimodzi. Mawu atatu aja a Chipwitikizi, evaporasau, kondensasau, presipitasau, ana amawaloweza ngati nyimbo, chithunzi cha nyanja, dzuwa, mtambo ndi mivi yozungulira amachijambula mokongola, pa mayeso amakhoza, koma m'mutu mwawo madzi a pachingwe aja ndi mvula ya mu Disembala ndi zinthu ziwiri zosadziwana.

Nde cholinga cha pulani imene ndikufotokozayi ndi chimodzi basi, mwana aone ndi maso ake kuti madzi amene asowa sanathe, akwera mosaoneka, ndipo akazizira amabwerera kukhala madzi. Mawu oti akazizira amenewo ndi amene aphunzitsi ambiri timalumpha. Kukwera kwa madzi ana amavomera msanga chifukwa amakuona pa mphika wa nyemba tsiku lililonse, koma chimene chimawabweza pansi ndiye sitifotokoza, timangojambula muvi wotsika kuchoka pamtambo n'kupitirira.

Ndimachita izi ndi ana a kalasi 4 kapena 5, ndipo zimafuna maaula awiri a mphindi 45, imodzi kumayambiriro kwa tsiku ina kumapeto, pakati pakhale maola awiri kapena atatu kuti dzuwa ligwire ntchito yake. Ngati orariyu yanu sikulola, kambiranani ndi mnzanu musinthane nthawi, kapena gawo lachiwiri muchite pa intervalu yomaliza, koma musayese kupanikiza zonse mu aula imodzi, mudzachita manyazi pamaso pa ana beseni lili phee osaonetsa kanthu.

Zofunika si zogula kutali. Beseni lochapira lija lapakatikati, likakhala lakuda kapena la mtundu woderapo ndiye bwino kwambiri chifukwa chakuda chimagwira kutentha kwa dzuwa kuposa choyera. Kapu yolemerako, yadothi kapena tambula yagalasi yaifupi, ya pulasitiki imayandama n'kugubuduka. Pepala la pulasitiki loonekera mkati, thumba la buledi kapena la shuga lalikulu mukaling'amba n'kulitambasula limakwana, koma likhale lopanda bowo ngakhale limodzi, liyang'aneni padzuwa kaye. Jumbo yakuda ayi, ana saona zimene zikuchitika mkati komanso imatentha yokha n'kuononga zonse, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Kenako mphira ya chubu cha njinga yomangira, kamwala kakang'ono ngati dzira la njiwa, mchere, sipuni, ndi mbale ziwiri zachitsulo zofanana. Madzi akhale owiritsidwa kale ndipo ofunda, osati otentha moti n'kuwotcha, koma oti chala chako chikhalamo osachotsa. Ine ndimabwera nawo mu fulasiki ya tiyi kapena ndimapempha nyumba yoyandikana ndi sukulu atiteleke.

Kalasi yathu ya ana 60 kapena 70 beseni limodzi silikwana, akutsogolo okha ndi amene amaona, akumbuyo amayamba kutsinana. Ndimagawa magulu anayi kapena asanu, gulu lililonse libweretse beseni ndi kapu kuchokera kunyumba, ndipo ndimauziratu sabata yathunthu isanafike, chifukwa beseni pakhomo ndi limodzi ndipo amayi sangalipereke tsiku lochapa.

Aula yoyamba, mphindi khumi zoyambirira ndi za funso la zovala lija. Mayankho onse ndimalemba pabolodi osakonza ngakhale limodzi, lakuti dzuwa lamwa nalonso limalembedwa, ndipo ndimawauza kuti asafufute, tidzabwerera. Pomwepo ndimakonzeratu kanthu kena ka chilankhulo chathu kamene kangakugwetseni. Nthunzi ndi mthunzi m'kamwa mwa mwana zimamveka chimodzimodzi. Chaka china ndinanena kuti madzi amasanduka nthunzi, kamnyamata kena n'kulemba mu kaderno kuti madzi amapita kukakhala pamthunzi, ndipo sikanali kuchita chipongwe, kanamva choncho. Kuyambira pamenepo ndimalemba mawu awiriwo pabolodi moyandikana, nthunzi ya pamphika, mthunzi wa mtengo, tonse n'kutchula limodzi kangapo.

Tikatero timatuluka panja. Gulu lililonse lithire madzi ofunda aja okwana lita imodzi m'beseni, asapitirire zala ziwiri kuya kwake, madzi ochepa amatentha msanga, mukadzaza beseni mudzadikira mpaka dzuwa kulowa. Athiremo mchere masipuni aakulu awiri osadzaza phiri, ndiye kuti pafupifupi magalamu 35, ndipo ndimawauza kuti umenewu ndi mchere wake wa madzi a m'nyanja yaikulu, nyanja ya Indiya kumene Zambezi amakathera, lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Ana athu ambiri nyanja yamchere sanaione, akamva nyanja amaganiza za Kahora Basa kapena ya ku Malawi zomwe madzi ake alibe mchere, nde madzi amcherewa amawadabwitsa. Atakasa mchere n'kusungunuka, aliyense alawe kadontho padzanja lake losamba, aone nkhope za anzake zikukwinyika. Kulawa koyambaku musakudumphe, ndi kumene kudzapatse mphamvu kulawa kwachiwiri.

Tsopano kapu. Iikidwe pakati penipeni pa beseni, ndipo gulu lonse litsimikize kuti mkati mwake ndi mouma, wina apisemo chala aonetse anzake. Izi zikuoneka zazing'ono koma mukapanda kutero, masana mukapeza madzi mu kapu padzakhala wina wonena kuti analimo kale kapena apulofesoro munathiramo mobisa, ndipo simudzakhala ndi choyankha. Mlomo wa kapu ukhale m'munsi mwa mlomo wa beseni ndi zala zitatu kapena zinayi. Vundikirani ndi pulasitiki ija, osaikoka kwambiri, ikhale yokhwefukako pang'ono, mangani ndi mphira kuzungulira mlomo wa beseni kuti mpweya usatuluke, ndiye kamwala kaikidwe pakati, pamwamba penipeni pa kapu. Pulasitiki ifunika ilendewere ngati fanulo yoloza mu kapu, koma isakhudze kapuyo. Ikakhudza, madontho amatsetsereka kunja kwa kapu n'kubwerera m'madzi amchere, mudzapeza kapu youma. Beseni muliike kaye pamalo pake padzuwa musanaikemo kapu, chifukwa mukalinyamula lili lomanga kale madzi amakhavukira mu kapu ndipo phunziro la mchere lafa pomwepo. Pamalopo pakhale poti mthunzi wa mtengo kapena wa khoma sufikapo mpaka masana, komanso poti mbuzi ndi nkhuku sizidutsa, kwathu kuno zimenezi si nthabwala.

Ndi madzi ofunda, pasanathe mphindi zisanu pulasitiki imayamba kuchita chifunga mkati mwake, kuyera ngati galasi la minibasi m'mawa wa mu Juni anthu atadzaza. Ana amakuwa, ndipo apa ndimafunsa funso limodzi lokha, kunyowaku kuli kunja kapena mkati? Akhudze pamwamba ndi chala, apeza pouma. Nde madziwo afika bwanji pa pulasitiki, poti madzi a m'beseni ali pansi ndipo pakatipa palibe chimene tikuona chikukwera? Sindiyankha. Ndimawasiya nalo funsolo.

Mbale ziwiri zija ntchito yake ndi iyi. Mbale iliyonse muthire masipuni atatu a madzi amchere omwewo koma ozizira kale, osavundikira, ina padzuwa ina pamthunzi. Pano ndikuchenjezeni chifukwa ine ndinagwapo. Poyamba ndinkafuna kuonetsa mphamvu ya dzuwa poika beseni lina lovundikira pamthunzi, lina padzuwa, onse ndi madzi ofunda. Eee, la pamthunzi ndi limene linayamba kuchita madontho, ana n'kugamula kuti mvula imapangidwa ndi mthunzi, dzuwa lilibe ntchito. Ndipo zimene anaonazo zinali zoona, madzi anali ofunda kale kuchokera pamoto, pulasitiki ya pamthunzi inali yozizira, ndiye madontho anapangika msanga. Kulakwa kunali kwanga, ndinasakaniza mafunso awiri m'chiwiya chimodzi. Choncho funso lakuti dzuwa limachita chiyani lisiyireni mbale zosavundikira, beseni lovundikira likhale la funso lakuti madzi amabwerera bwanji.

Mphindi khumi zomaliza za aula yoyamba abwerere m'kalasi ajambule beseni momwe aliikira, ndipo aliyense alembe chiganizo chimodzi cholosera, mu kapu mudzakhala chiyani, ndipo ngati mudzakhala madzi, adzakhala amchere kapena ayi. Pafupifupi onse amalemba kuti amchere. Asiyeni alembe choncho, osawapatsa chizindikiro chilichonse pankhope panu.

Tisanafike ku aula yachiwiri, tiyeni ife akuluakulu timvetsetsane kaye zimene zikuchitika mubeseni muja, chifukwa mwana akafunsa funso lokhota umafunika kudziwa kuposa zimene zili pa pulani. Madzi safunika kuwira kuti asanduke nthunzi. Pamwamba pa madzi aliwonse, ngakhale a mumtsuko, timagawo tating'onoting'ono ta madzi timathawira mumpweya nthawi zonse, kutentha kumangofulumizitsa, mphepo nayonso imafulumizitsa, n'chifukwa chake zovala zimauma ngakhale tsiku lamitambo bola kuli kamphepo. Nthunzi yeniyeniyo sioneka ndi maso ngakhale pang'ono. Choyera chija timachiona pamwamba pa mphika, chimene ana amachitcha utsi, chimenecho ndi timadontho ta madzi tating'ono kwambiri, nthunzi imene yazizira kale itakumana ndi mpweya wa kunja. Mukayang'anitsitsa pakamwa pa ketulo yowira mudzaona kampata kosaoneka kanthu, kenako choyera chija chimayambira patsogolo pang'ono. Nthunzi yeniyeni ili mu kampata kameneko.

Ndiye mpweya sungasunge nthunzi mopanda malire, wofunda umakhala ndi yambiri, wozizira yochepa. M'beseni lathu, dzuwa likudutsa pulasitiki n'kukatenthetsa pansi pa beseni ndi madzi, mpweya wa mkati ukufunda n'kudzaza nthunzi, koma pulasitiki ili yopyapyala ndipo kunja kwake ikukhudzana ndi mpweya wa panja umene ndi wozizirirapo kuyerekeza ndi wa mkati. Mpweya wodzaza nthunzi uja ukakhudza pulasitiki umazizira, nthunzi ina n'kusanduka timadontho. Timadontho tikuphatikizana, tikukula, tikulemera, tikutsetsereka kutsata kutsika kumene kamwala kapanga, mpaka tho! mu kapu. Chinsinsi chonse chagona pa kusiyana kwa kutentha pakati pa madzi ndi chivundikiro, madzi akhale ofunda kuposa pulasitiki. N'chifukwa chake jumbo yakuda ndinaikana, imamwa dzuwa yokha n'kutentha pamene madzi pansi akadali ozizira, zinthu zatembenuka. N'chifukwa chakenso madzi ongotunga kumene pa mjigo m'mawa amachedwa, ulendo wanga woyamba ndinachita zimenezo, tinakhala ola lathunthu tikuyang'ana pulasitiki youma ana akundiyang'ana ngati wamatsenga amene mankhwala ake asukuluka. Madziwo amafunika atenthedwe kaye ndi dzuwa, ndiye kuyamba ndi ofunda ndi kungodula njira.

Aula yachiwiri tisanamasule chilichonse, ana ayang'ane kaye. Aone madontho aakulu atasonkhana pansi pa kamwala, awerenge kuti pakupita nthawi yaitali bwanji kuti limodzi ligwe. Apa ndi pamene ndimachita kanthu kamene ndimakaona kuti ndi mtima wa phunziro lonse. Ndimatenga kansalu konyowetsa ndi madzi ozizira a mumtsuko n'kukayala mbali imodzi ya pulasitiki kwa mphindi zitatu kapena zisanu, mbali ina osakhudza. Amene muli pa vila monga ku Ulongwe mungapeze ayisi wa mufiriji, ameneyo ndiye amaonetsa bwino koposa. Ndikachotsa kansaluko, mbali imene inaziziritsidwa imakhala ndi madontho ochuluka ndi aakulu kuposa inayo. Ndiye ndimafunsa, kansaluka kanali kunja, madzi ake sanadutse pulasitiki poti ilibe bowo, nanga kachita chiyani? Pamatenga kanthawi, koma nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti kaziziritsa. Mawu amenewo akatuluka m'kamwa mwa mwana osati mwanga, ndimadziwa kuti tsikulo sindinapite pachabe, ndipo pokhapo ndi pamene ndimalemba kondensasau pabolodi, pambali pake n'kulemba m'Chichewa kuti nthunzi ikazizira imabwerera kukhala madzi. Dzina libwere pambuyo pa chinthu chimene aona.

Tikamasula mphira tichotse kamwala kaye, pulasitiki tiinyamule mosamala, kapu ituluke osapendama. Musayembekezere madzi ambiri, pa maola atatu a dzuwa labwino ine ndimapeza masipuni atatu mwina asanu, ndipo auzenitu ana kuti adzakhala ochepa asakhumudwe. Kunja kwa kapu kupukutidwe ndi kansalu koyera chifukwa kuli madzi amchere amene angafike pamlomo n'kusokoneza. Kenako mphunzitsi adonthezere kadontho padzanja la mwana aliyense, osati sipuni imodzi kuzungulira m'kamwa mwa ana 15. Alawa, ndipo kumakhala kachete kenakake, kenako phokoso, mulibe mchere! Ena amati akukoma pulasitiki, inde zimatheka. Ngati gulu lina lipeza mchere, musabise, fufuzani limodzi nawo, kawirikawiri wina anagunda beseni kapena kapu inapendama, ndipo kufufuzako nakonso ndi sayansi. Chenjezo limodzi, ngati mukufuna kuti ana alawe musathiremo inki kapena utoto m'madzi muja pofuna kukongoletsa, komanso musawauze kuti iyi ndi njira yoyeretsera madzi akumwa a pachithaphwi kunyumba, ziwiya za ana sizikhala zoyera mokwanira kuti tilonjeze zimenezo.

Nanga mchere watsala kuti? Tiyeni ku mbale. Ya padzuwa imakhala itauma kapena kutsala pang'ono, pansi pake patayera timibulu ta mchere, ya pamthunzi ikadali ndi madzi. Mbale imodzi yayankha mafunso awiri, dzuwa limafulumizitsa kukwera kwa madzi, ndipo amakwera ndi madzi okha mchere umatsala. Apa ndimabwerera ku bolodi kuja kunalembedwa kuti dzuwa lamwa, n'kufunsa mwini yankho ngati akufuna kulisintha. Ambiri amati dzuwa silinamwe, langowakweza. Ndipo funso limene ndimalikonda limabwera lokha, ndiye n'chifukwa chake mvula siwawa mchere ngakhale madzi ake ambiri achokera kunyanja yamchere? Eya, chifukwa chake ndi chimenecho.

Chaka chilichonse pamakhalanso wina wofuula kuti apulofesoro, izi n'zimene agogo amachita potcheza kachasu! Kalasi yonse kuseka. Ine sindimukalipira, mwanayo walondola kuposa buku, mphika pamoto, nthunzi ikudutsa mu mpope, mpopewo wadutsa m'madzi ozizira, madontho akugwera m'botolo. Ndimangomufunsa kuti madzi amene mpope umadutsamo aja akatentha agogo amatani, amati amasintha kuthira ozizira, ine n'kuti basi wamva phunziro, tibwerere ku mvula.

Kenako kanthu kakang'ono koma kofunika, madzi otsala mu kapu tiwathire m'beseni muja ana akuona, tivundikirenso. Popanda zimenezi zimene taonetsa ndi ulendo wopita kumodzi, kuchoka m'beseni kupita mu kapu. Kubwezerako ndi kumene kukuonetsa kuti ndi kuzungulira, madzi omwewo adzakweranso, ndipo ndimawauza kuti kuthira kumene ndachitaku ndi ntchito ya mitsinje. Mvula yogwa m'mapiri mwathu muno imatsika m'timakhwawa, kukalowa mu Revubwe, Revubwe akathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, Zambezi ulendo mpaka kunyanja ya Indiya cha ku Chinde, dzuwa likwezenso, mphepo ibweretsenso kumtunda kuno. Chithunzi cha mivi chija ajambule tsopano, koma alembemo maina a mtsinje wa kwawo ndi phiri la kwawo, osati kukopera cha m'buku.

Koma beseni nalonso limanama pang'ono, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kunena pamene likunama. Bodza lalikulu ndi pulasitiki. Mukapanda kusamala ana amachoka ndi maganizo akuti kumwamba kuli chivundikiro, thambo lolimba, pamene nthunzi imakagunda n'kudontha. Kamtsikana kena kanandifunsa motere, aphunzitsi, nanga kumwambako pulasitiki yake anamanga ndani? Funso labwino zedi. Kumwamba kulibe chivundikiro, chimene pulasitiki ikuimira ndi kuzizira chabe. Mpweya ukamakwera umazizira, pa kilomita iliyonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndipo ana a kuno sizivuta kuwatsimikizira, amene anapitako ku mzinda wa Tete amadziwa momwe kumaotchera m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala mpaka kupitirira madigiri 40, pamene kuno kumtunda m'mawa wa mu Juni umafuna juzi. Nde mpweya wonyamula nthunzi ukakwera n'kuzizira mokwanira, nthunziyo imagwirira pa timafumbi touluka mumpweya n'kupanga timadontho, timadontho tambirimbiri pamodzi ndiwo mtambo. Mtambo si utsi, si thonje, komanso si thumba losungira madzi limene limabooka, ndi chifunga chomwe chija timadutsamo m'mawa popita kudimba, kungoti chili m'mwamba. Timadonthoto tikaphatikizana n'kulemera moti mpweya sungatigwirenso, ndiyo mvula. Mapiri amakakamiza mphepo kukwera, n'chimodzi mwa zifukwa zimene kumtunda kuno timalandirira mvula yambiri kuposa anzathu a m'chigwa.

Beseni silionetsanso madzi olowa m'nthaka, amene amadzatuluka pa kasupe, m'chitsime ndi pa mjigo, komanso silionetsa madzi amene mitengo imatulutsa m'masamba. Za m'nthaka ndimazipatsa tsiku lakelake. Za masamba ndi zosavuta, tengani thumba loonekera mkati mumangirire kunthambi ya mango kapena gwafa ya masamba ambiri imene ili padzuwa, m'mawa womwewo mukamaika mabeseni, pofika masana m'kona ya thumba mumakhala kamadzi. Ana amadabwa kuti mtengo umachita thukuta, ndipo nkhani ya kudula mitengo ya makala imayamba yokha osaikakamiza.

Pali nkhani ina imene imabwera, makamaka mvula ikachedwa mu Novembala, mwana kunena kuti mvula amagwetsa ndi Mulungu, kapena kuti kumudzi kwawo akuti wina wake waimanga. Pa za Mulungu ine sinditsutsana ndi mwana, ndimangoti lero tikuona njira imene madzi amadzera. Koma pa za kumanga mvula ndimaima pang'ono, chifukwa nkhani zimenezi zimathera pa gogo wina wosalakwa kulozedwa chala. Ndimawafunsa kuti m'beseni mwathu madontho akapanda kugwa timayamba kufufuza chiyani, amati mwina madzi ndi ozizira, mwina pulasitiki yabooka, mwina dzuwa labisika, ndiye ndimati kumwambanso mvula ikakanika timafunsa za nthunzi, mphepo ndi kuzizira.

Nyengo yabwino yochitira zimenezi ndi Seputembala ndi Okutobala, dzuwa lodalirika, mitambo kulibe. Mu Febuluwale sukulu zitangotsegula mitambo ikhoza kukusokonezani, mu Juni ndi Julayi kukabwera chiperoni ndiye dzuwa osaliona tsiku lonse. Zikatero musaimitse phunziro, chitirani m'kalasi momwemo ndi madzi otentherapo, amene mphunzitsi yekha ndiye athire ana ataima patali, kuzizira kwa tsikulo kumathandiza madontho kupangika msanga, kungoti muwauze kuti lero moto wagwira ntchito ya dzuwa, ndipo mbale zija zidikire tsiku lowala.

Poyesa ngati amva, sindifunsa kuti tchulani magawo atatu a ulendo wa madzi, limenelo ngakhale amene anagona akhoza. Patapita masiku awiri kapena atatu ndimabwera ndi botolo la chakumwa chozizira kwambiri lotsekedwa bwino, ndalikulunga m'nsalu kuti lisafunde panjira, ndimalipukuta liume ana akuona n'kuliika patebulo. Pakapita mphindi zochepa lanyowa kunja konse. Funso, madzi awa achokera kuti? Amene sanamve amati botolo likudontha, kapena madzi a mkati adutsa galasi. Ndimawauza alawe, chakumwa cha mkati n'chotsekemera ndipo chili ndi mtundu, a kunjawa ndi oyera osakoma kanthu. Amene anamva amayang'ana uku ndi uku m'kalasi ngati akufuna china chake chosaoneka, kenako amati achokera mumpweya, munali nthunzi kale, yagunda botolo lozizira. Ameneyo ndimamufunsanso la mame, kuti udzu wonyowa m'mawa mvula isanagwe madzi ake wawatenga kuti, ndipo ngati ayankha kuti usiku udzu unazizira, ndimamupatsa choko akafotokozere anzake pabolodi, ine n'kukhala pa desiki pake.